Zikalata zonse munatumiza, nanga bwanji akuti sanazione?

Dandaulo ili ndalimva kambirimbiri muno mu Mzuzu. Munthu akuti ntchito ija inali yake ndithu, mapepala onse amene ankafuna ali nawo ndipo anatumiza nthawi isanathe, koma ku intavyu sanaitanidwe. Akafunsa mwamseri kwa wina wa mkati, yankho ndi lakuti layisensi yake sinaoneke, kapena setifiketi ya MSCE inalibe kirediti ya masamu. Iye n'kulumbira kuti zonsezo anaikamo. Nthawi zambiri sakunama ayi. Zinalimodi, koma wosankha uja sanazipeze.

Ndakhalapo kangapo pa tebulo losankhira anthu oti aitanidwe ku intavyu, ndiye ndikuuzeni mmene zimakhalira. Patsogolo pa aliyense pamakhala pepala la mizere. Kumanzere kuli mayina a ofunsira, pamwamba pali zinthu zimene chilengezo cha ntchito chinatchula, chilichonse ndi kabokosi kake. Wosankha sayamba n'kuwerenga kalata yanu mwachifatse. Amayamba n'kusaka: dipuloma ilipo, chonga, layisensi ilipo, chonga, chiphaso chilipo, chonga. Mulu ukakhala waukulu, dzuwa likupendeka, chinthu chimene sichinaoneke atatembenuza masamba kawiri chimalembedwa kuti palibe. Si nkhanza. Kumbuyo kwanu kuli anthu ena ambiri oti awaonenso.

Choncho ntchito yanu ndi imodzi: mapepala anu ayende mmene diso la wosankhayo likuyendera, ndipo pansi pa kalata yanu pakhale mndandanda womuuza kuti chakuti chili pa tsamba lakuti.

Nkhani ya mwana wa mlongo wanga

Mtsikanayu ndi namwino komanso mzamba, amakhala ku Chibavi. Anafunsira ntchito pa chipatala china chaching'ono osaitanidwa, kenaka patatha miyezi malo ofanana nawo anatulukanso kwina. Anabwera kwathu Loweruka masana, mvula ikuwaza monga mwa nthawi zonse kuno, nanditambasulira foni. "Atsibweni, taonani nokha, chimene ndinasiya n'chiyani apa?"

Sanasiye kanthu. Mu imelo yake munali zithunzi 13, mayina ake onse oyamba ndi `IMG_` kutsatira manambala ataliatali. Choyamba kutseguka chinali kuseri kwa chiphaso cha unzika. Sivi inali pakati, tsamba lachiwiri lili patsogolo pa loyamba. Layisensi ya chaka chimenecho anaijambula ili pa mkeka, chopendekeka, chala chake chachikulu chikuoneka pakona. Koma chachikulu chinali ichi: anakwatiwa, ndiye kalata, sivi ndi layisensi zili m'dzina la kwa amuna ake, pomwe dipuloma ndi mapepala a MSCE ali m'dzina la kwa bambo ake. Panalibe mzere ngakhale umodzi wofotokoza zimenezi. Ndiponso MSCE analemba kawiri, chifukwa ulendo woyamba masamu anapeza 7, yomwe ndi pasi chabe, ndipo chaka chotsatira anapeza 5. Kirediti imayambira pa 6 kutsika. Wosankha akatsegula pepala la chaka choyamba n'kuona 7, alibe chifukwa choganizira kuti kwinakwake kuli pepala lina.

Tinayamba ndi chilengezo chenichenicho. Ndinamuuza atenge bolopeni, adule mzere pansi pa chinthu chilichonse chimene akuti chitumizidwe, n'kuika nambala pambali potsata mmene iwo alembera. Iwo ankafuna kalata, sivi yokhala ndi anthu atatu omuikira umboni, umboni wakuti analembetsa ku khonsolo ya anamwino ndi azamba pamodzi ndi layisensi imene nthawi yake sinathe, makope otsimikizidwa a masetifiketi, ndi kope ya chiphaso. Dongosolo limenelo ndi limene tinatsata, chifukwa kawirikawiri pepala la mizere lija amalilemba pokopera m'chilengezo chomwecho.

Chilengezo chikangoti tumizani kalata, sivi ndi masetifiketi osatchula dongosolo, ine ndimatere. Kalata pamwamba, sivi pambuyo pake. Kenaka pepala limene popanda ilo lamulo silikulolani kugwira ntchitoyo, monga layisensi ya unamwino kapena ya galimoto ngati ntchito ndi ya udalaivala. Kenaka maphunziro, kuyambira apamwamba kutsika, tiransikiripiti ikhale kuseri kwenikweni kwa dipuloma kapena digiri yake, osati kumapeto kwa zonse. Chiphaso chibwere pamenepo, ndipo makalata ochokera kumene munagwirako ntchito atsekere. Ambiri amayamba ndi setifiketi ya pulayimale n'kumakwera, ngati akusimba mbiri ya moyo wawo. Wosankha akufuna kuona kaye pepala limene likukuyenerezani ntchitoyo.

Titasanja, tinalemba nambala yaing'ono ndi pensulo pakona yakumanja m'munsi mwa tsamba lililonse, kuyambira 1 mpaka 13. Pansi pa siginecha ya kalata yake tinaika mndandanda uwu, m'Chingerezi poti kalatayo ndi ya Chingerezi:

```
Enclosures
1. Curriculum vitae                              p. 2-3
2. Registration certificate, practising licence  p. 4-5
3. Diploma and transcript (maiden name)          p. 6-8
4. MSCE, two sittings (Maths credit on p. 9)     p. 9-10
5. National ID, both sides                       p. 11
6. Marriage certificate (change of surname)      p. 12
7. Reference letter, last employer               p. 13
```

Taonani mzere wachinayi. Sitinangolemba kuti MSCE. Tinanena kuti mapepala ndi awiri, ndipo tinaloza pamene pali kirediti ya masamu. Pepala la chaka chachiwiri tinaliika patsogolo pa la chaka choyamba, chifukwa ndi limene likuyankha funso la wosankha. Mzere wa 3 ndi wa 6 ukuthetsa nkhani ya mayina munthu asanayambe n'komwe kukayika. M'kalata momwemo tinaonjezeranso chiganizo chimodzi chonena kuti mapepala a sukulu ali m'dzina la kwa makolo ndipo umboni uli pa tsamba 12. Mawu a mumndandanda tinawatenga m'chilengezo. Iwo akalemba `practising licence`, inunso lembani chimodzimodzi, musasinthe n'kuika mawu ena ofanana nawo, chifukwa diso lotopa limasaka mawu amene lawazolowera.

Nkhani ya mayinayi si ya amayi okwatiwa okha. Kuno kumpoto ndaona munthu mmodzi ali Ng'ambi pa chiphaso koma Ngambi pa setifiketi, wina dzina lapakati lilipo pa dipuloma koma pa chiphaso palibe, wina dzina loyamba ndi la makolo zinasinthana malo. Ngati kusiyanako kuli kwakukulu moti mlendo angaganize kuti ndi anthu awiri, kalumbireni kwa komishonala wa malumbiro kuti mayina onsewo ndi anu, ndipo chikalata cholumbiracho chikhale kuseri kwa chiphaso ndi mzere wakewake mumndandanda.

Chidindo chilipo, koma akuti kope si yotsimikizidwa

Apa m'pamene anthu ambiri amagwera mosadziwa. Kutsimikiza kope n'kupita ndi setifiketi yeniyeni pamodzi ndi fotokope yake kwa munthu amene lamulo limamulola, monga majisitireti kapena loya amene ali komishonala wa malumbiro. Iye amayerekeza ziwirizo, n'kudinda pa fotokopeyo mawu akuti `Certified true copy of the original`, n'kusaina ndi kuika deti. Ngati chilengezo chatchula amene ayenera kudinda, pitani kwa ameneyo.

Cholakwika choyamba n'kudinditsa kope imodzi kenaka n'kumaipanga fotokope kakhumi. Chidindo chimene chadutsa m'makina a fotokope chimatuluka chakuda ngati zolemba zina zonse, ndipo siginecha siikhalanso ya inki. Imeneyo ndi fotokope wamba ya pepala lotsimikizidwa. Ngati mukutumiza mu emvulopu, kope iliyonse ikhale ndi chidindo chakechake chonyowa. Ndikudziwa kuti kwina amalipiritsa pa tsamba lililonse ndipo ndalama imavuta, n'chifukwa chake ndimati dinditsani zokhazo zimene afunsa. Masetifiketi a misonkhano ya masiku awiri aja atchuleni mu sivi basi.

Chachiwiri chimachitika potumiza pa imelo. Munthu amadinditsa bwinobwino, koma pofika pojambula amatenga setifiketi yeniyeni ija chifukwa ndi yokongola, ya mitundu, n'kusiya fotokope yodindidwayo m'chikwama. Akati makope otsimikizidwa, jambulani pepala lokhala ndi chidindolo, ndipo jambulani ndi mitundu yake kuti inki ya buluu kapena yapepo ioneke kuti ndi inki.

Chachitatu ndi malo a chidindo. Odinda ena amadinda kuseri kwa pepala. Mukajambula kutsogolo kokha, chidindo chatsala. Ena amadinda pamwamba penipeni pa magiredi kapena pa dzina. Musanachoke pa kauntala yang'anani, ndipo pemphani mwaulemu kuti adinde pamalo opanda zolemba, kutsogolo. Tiransikiripiti ya masamba awiri ifunika chidindo pa tsamba lililonse. Onaninso deti. Olemba ntchito ena amanena kuti chidindo chisapitirire miyezi yakuti, ndipo akatero kope yodindidwa chaka chatha sithandiza ngakhale ioneke yatsopano.

Pa chiphaso cha unzika, mbali zonse ziwiri zikhale pa tsamba limodzi, ndipo muone deti lothera ntchito lomwe lalembedwa pa khadipo. Chikakhala kuti chinatha ndipo mukudikira china kuchokera ku NRB, ikani kapepala kamene anakupatsani pokalembetsa, n'kulemba zimenezo mumndandanda.

Imelo inapita, koma sinatseguke kapena sinafike

Chithunzi chimodzi cha foni ya masiku ano chimatha kulemera mamegabaiti atatu, anayi, nthawi zina kuposa. Zikakhala 13, mwadutsa kale malire a Gmail, omwe ndi mamegabaiti 25. Mukadutsa malirewo Gmail imasandutsa fayiloyo kukhala linki ya `Google Drive`. Kwa inu zimaoneka ngati zapita, koma wolandira akadina amatha kupeza uthenga womuuza kuti apemphe chilolezo, ndipo palibe wosankha amene angakulembereni kupempha chilolezo choona mapepala anu. Maofesi ena imelo yawo imakana fayilo yocheperapo kuposa pamenepa, choncho chilengezo chikatchula kukula kwake, tsatirani. Chikapanda kutchula, ine ndimayesetsa kuti zonse pamodzi zisapitirire mamegabaiti asanu.

Ena pofuna kuchepetsa kulemera amadzitumizira zithunzizo pa WhatsApp n'kuzitenganso. Zimapepukadi, koma tizilembo ting'onoting'ono timafufutika. Magiredi a pa MSCE ndi nambala ya layisensi n'zimene zimayamba kusawerengeka, 3 n'kumaoneka ngati 8.

Chimene tinachita ndi mtsikana uja n'chosavuta. Tinapulinta kalata ndi sivi, iye anasaina, tinasanja masamba onse 13 monga mwa mndandanda, ndipo tinawajambula motsatana kukhala fayilo imodzi ya PDF. Pa foni ya Android, mu `Google Drive` muli `Scan`. Mumajambula tsamba loyamba, n'kumaonjezera masamba ena mmenemo musanasunge, ndipo imawongola yokha m'mbali mwa pepala. Ikani pepalalo pa tebulo loderako, pafupi ndi zenera, masana, foni ili pamwamba penipeni osati chammbali. Tochi ya foni musayatse, makamaka pa setifiketi yomatidwa pulasitiki, chifukwa kuwala kumabwerera n'kuphimba zolemba. Ngati mukupita ku malo opangira fotokope m'tauni kapena ku Luwinga, auzeni ajambule pa `150 dpi` kapena `200 dpi`. Pamenepo zolemba zimawerengeka ndipo fayilo siilemera. Pa `600 dpi` ndi pamene tsamba limodzi limasanduka katundu. Mukamaliza onetsetsani kuti afufuta mapepala anu pa kompyuta yawo, muli pomwepo, chifukwa muli chiphaso chanu.

Dzina la fayilo likhale lanu. Wolandira amatsitsa mafayilo a anthu onse n'kuwaika m'foda imodzi, ndiye tangoganizani anthu makumi angapo aliyense watcha yake `CV.pdf` kapena `Scan001.pdf`. Ikatayika palibe angadziwe mwini wake. Lembani motere:

```
Surname_Firstname_NurseMidwife_Application.pdf
```

M'dzina la fayilo musaikemo kachizindikiro ka mu ng' ndi kadenga ka pa ŵ, poti makina ena olandirira mafomu amakana zilembo zotere kapena amazisandutsa zinyalala. Mutu wa imelo ukhale dzina la ntchito monga alembera, ndi nambala ya chilengezo ngati ilipo. M'kati mwa imelo lembani mizere iwiri kapena itatu, n'kubwerezanso mndandanda uja, kuti munthu adziwe zimene zili m'fayilo asanaitsegule.

Pali nthawi imene fayilo imodzi si yoyenera. Chilengezo chikati kalata payokha, sivi payokha, masetifiketi paokha, kapena mukudzaza fomu ya pa intaneti yokhala ndi malo osiyana a chinthu chilichonse, mverani zimenezo. Apo ikani nambala kutsogolo kwa dzina lililonse, monga `01_Surname_Letter.pdf`, `02_Surname_CV.pdf`, `03_Surname_Licence.pdf`. Ziro wakutsogoloyo ali ndi ntchito, chifukwa popanda iye makina ena amaika 10 patsogolo pa 2. Ndipo pa fomu zoterezi sivi musaijambule. Isungeni kuchokera mu Word kukhala PDF, kuti mawu ake akhale mawu enieni amene makina angathe kuwasaka, osati chithunzi cha mawu.

Za mu emvulopu

Pano sipafunika zambiri. Emvulopu ikhale yaikulu yolowa pepala la A4 osalipinda. Sitepula imodzi pakona yakumanzere pamwamba yakwana, ndipo muone kuti yagwira masamba onse, chifukwa tsamba lomaliza ndi limene limakonda kuthothoka. Zomangitsa ngati buku ndi chikuto cha pulasitiki zisiyeni, poti kawirikawiri mlembi amafuna kupanga makope a aliyense wokhala pa intavyu ndipo amayenera kumasula. Kunja lembani dzina la ntchito. Ndi mvula yathu ino, ikani mapepalawo m'kajumbo koyera musanawalowetse mu emvulopu ngati mukuyenda pa kabaza, chifukwa inki ya chidindo ikanyowa imayenderera mpaka deti kusaoneka. Setifiketi yeniyeni musatumize ngakhale pang'ono.

Kuyesa musanatumize

Ichi ndi chimene sindilola aliyense kudumpha. Mtsikana uja titamaliza, ndinamuuza adzitumizire imeloyo kaye, n'kuitsegula pa foni ya mayi a kunyumba kwathu, osati pa yake. Pa foni yanu fayilo imatha kutseguka chifukwa ili kale mmenemo. Pa foni ya wina m'pamene mumadziwa ngati yapitadi. Tsamba 8 linapezeka kuti lagona chammbali, ndipo pa tsamba 5 deti lothera layisensi linali litadulidwa m'munsi. Tinajambulanso awiriwo.

Kenaka ndinawapatsa mayiwo chilengezo chija ndi foni, iwo osadziwa kalikonse za unamwino, n'kuwafunsa chimodzichimodzi. Layisensi ili pati? Anayang'ana mndandanda, napita pa tsamba 5. Masamu anakhoza bwanji? Tsamba 9. Bwanji dipuloma ili ndi dzina lina? "Si apa alemba kuti za ukwati zili pa 12," anatero osadzutsa n'komwe mutu. Pamene munthu wotere wachedwa kapena wafunsa kuti kodi ichi n'chiyani, pamenepo ndi pofunika kukonza. Onaninso kuti nambala za mumndandanda zikugwirizana ndi nambala zimene PDF ikuonetsa. Mukachotsa kapena kuonjezera tsamba limodzi lokha pomaliza, zonse zam'munsi zimasuntha, ndipo mndandanda wolozera polakwika umasokoneza kuposa kusakhala nawo.

Anatumiza Lolemba m'mawa, kutatsala masiku atatu kuti atseke. Ndinamuuza atsegule `Sent` aone kuti imeloyo ilimo ndi fayilo yake, chifukwa netiweki ikavuta uthenga umatha kukhala mu `Outbox` usiku wonse mwini wake akuganiza kuti unapita. Unalimo. Masetifiketi enieniwo anawasanja m'fayilo ya pulasitiki m'dongosolo lomwelo, layisensi pamwamba, MSCE ya chaka chachiwiri patsogolo pa ya chaka choyamba, setifiketi ya ukwati kuseri kwa chiphaso, kuti tsiku la intavyu akati tione pepala lakuti, dzanja lipite pomwepo.